Kuyeza Firikwensi ya Siginolo Pogwira Nthawi ya Taimala

Firikwensi ndi chiwerengero cha maulendo amene chinthu chimabwereza zochita zake pa sekondi imodzi. Magetsi a m'nyumba za ku Malawi ndi ku Zambia amakwera n'kutsika, kenako n'kubwerera pomwe anayambira, maulendo 50 pa sekondi, ndiye amati firikwensi yake ndi mahezi 50, amene amalembedwa 50 Hz. Ulendo umodzi wathunthu wa kukwera ndi kutsikako ndi mkombero. Ngati mikombero 50 ikukwana mu sekondi imodzi, umodzi umatenga mamilisekondi 20, poti milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Choncho amene wadziwa kutalika kwa mkombero umodzi wadziwanso firikwensi, ndipo samuyo amalembedwa motere: f = 1 / T, pomwe T ndi nthawi ya mkombero umodzi.

Pali njira ziwiri zoyezera firikwensi. Yoyamba ndi yowerenga mikombero yonse imene yadutsa m'nthawi yoikika, monga mmene namwino amagwirira pamkono wa wodwala n'kuwerenga kugunda kwa mtima kwa mphindi yathunthu. Yachiwiri ndi yoyeza mpata wa pakati pa kugunda kumodzi ndi kotsatira. Pa siginolo yoyenda pang'onopang'ono ngati ya magetsi a m'nyumba, njira yoyamba ndi yoperewera. Kuwerenga kwa sekondi imodzi kumapereka 49, 50 kapena 51 basi, ndipo sikungasiyanitse mahezi 49.8 ndi 50.2. Kuti munthu aone kusiyana kwa gawo limodzi mwa magawo 100 a hezi, ayenera kudikira masekondi 100. Njira yachiwiri imapereka yankho labwino koposa pamenepo m'mamilisekondi 20 okha, bola pakhale wotchi yothamanga ndi njira yoiwerengera pa nthawi yeniyeni imene siginolo yasintha. Imeneyi ndiyo ntchito ya gawo la taimala limene m'mabuku a opanga zipangizo limalembedwa kuti `Input Capture`, kutanthauza kugwira nambala ya taimala pomwe siginolo yalowa.

Chitsanzo chosavuta kuchipeza ndi bolodi ya Arduino Uno, imene ophunzira zamagetsi ambiri amayambira. Pa bolodiyi pali maikulokontirola yotchedwa ATmega328P, kakompyuta kakang'ono kokhala m'kachipangizo kamodzi, koyendetsedwa ndi wotchi yogunda maulendo 16,000,000 pa sekondi. M'kati mwake muli mataimala atatu, koma imodzi yokha, Timer1, ndiyo ili ndi gawo logwira nthawi. Ntchito imene itsatidwe pano ndi yoyeza firikwensi ya magetsi ochokera m'jenereta yaing'ono ya petulo. Jenereta yotere, ikakhala ya mtundu wakale wa mapolo awiri, imatulutsa mahezi 50 pokhapokha injini ikamazungulira maulendo 3,000 pa mphindi. Katundu akaichulukira injini imafooka ndipo firikwensi imatsika nayo, ndiye kuyeza firikwensi n'chimodzimodzi kuyeza liwiro la injini popanda kuikhudza.

Dzina loti taimala lisasokoneze munthu, chifukwa taimala sidziwa maola kapena mphindi. Ndi chowerengera chabe, chimene chimawonjezera 1 pa nambala yake nthawi iliyonse wotchi ikagunda. Kugunda kulikonse kumene taimala yawerenga kumatchedwa tiki. Timer1 imasunga nambala yake m'mabiti 16, choncho imayambira pa 0 n'kukafika pa 65,535, ndipo tiki yotsatira imaibweza pa 0, monga imachitira mita ya makilomita ya galimoto yakale manambala onse akafika pa 9. Kubwerera pa 0 kumeneku ndiko kusefukira kwa taimala. Nambala imene ikuthamangayo imakhala mu rejisita yotchedwa `TCNT1`. Rejisita ndi kamalo kosungira nambala m'kati mwa maikulokontirola.

Pambali pa `TCNT1` pali rejisita ina, `ICR1`, yolumikizidwa ndi mwendo wotchedwa ICP1, umene pa Arduino Uno ndi pini nambala 8. Siginolo ya pa piniyi ikasintha mmene wolemba pulogalamu anasankhira, kaya kukwera kuchoka pa mavoti 0 kufika pa 5, kaya kutsika, mawaya a m'kati amakopera nambala ya mu `TCNT1` kuika mu `ICR1` nthawi yomweyo. Taimala siima, imapitirira kuwerenga. Kenako kachizindikiro kotchedwa `ICF1` kamayaka kudziwitsa purosesa kuti pali nambala yatsopano, ndipo ngati pulogalamu yalola, purosesa imasiya kaye zimene imachita n'kupita kukaitenga. Kudukizidwa kotere kumatchedwa intarapiti.

Phindu lonse la njirayi lagona pa mfundo yoti kukoperako sikuchitidwa ndi pulogalamu. Pulogalamu ikamayang'anira pini yokha n'kufunsa nthawi ikaona kusintha, imachedwa, ndipo kuchedwako sikufanana ulendo uliwonse. Pa Arduino Uno, taimala ina imadukiza purosesa pafupifupi milisekondi iliyonse pofuna kusunga nthawi ya `millis()`, ndipo mauthenga a pa `Serial` nawonso amadukiza. Siginolo ikafika purosesa ili m'kati mwa ntchito zimenezi, imadikira. Komanso lamulo la `micros()` limene ambiri amagwiritsa ntchito limayenda modumpha mamaikulosekondi 4 pa bolodiyi. Pomwe nambala ya mu `ICR1` inagwidwa kale pa nthawi yake. Purosesa ikachedwa kuitenga ndi mamaikulosekondi 20 kapena 200, nambalayo imakhala yomweyo. Chofunika n'chimodzi chokha: itengedwe siginolo isanasinthenso, chifukwa `ICR1` imasunga nambala imodzi, ndipo yatsopano imafufuta yakale popanda chenjezo lililonse.

Chosankha chachikulu ndi liwiro la taimala. Pakati pa wotchi ndi Timer1 pali chogawa, chimene akatswiri amati puresikela, chotha kugawa kugunda kwa wotchi ndi 1, 8, 64, 256 kapena 1,024. Osagawa konse, taimala imawerenga matiki 16,000,000 pa sekondi, ndipo imasefukira pakatha mamilisekondi 4.096 okha. Mkombero wa mamilisekondi 20 ungafune matiki 320,000, nambala imene singakwane m'mabiti 16. Kugawa ndi 64 kumapereka matiki 250,000 pa sekondi, ndipo mkombero womwewo umakhala matiki 5,000. Amakwana bwino, koma mlingo wake ndi wokhakhala kuposa mmene zikanakhalira. Kugawa ndi 8 ndiko kumayenerana ndi ntchitoyi. Taimala imawerenga matiki 2,000,000 pa sekondi, tiki iliyonse ndi theka la maikulosekondi, kusefukira kumabwera pakatha mamilisekondi 32.768, ndipo mkombero wa mahezi 50 ndi matiki 40,000. Lamulo lake ndi lakuti asankhidwe chogawa chaching'ono kwambiri chimene chingalole mkombero wautali koposa umene ukuyembekezeka kukwana m'matiki 65,536. Pa chogawa cha 8, firikwensi yotsikitsitsa imene ingayezedwe motero ndi mahezi pafupifupi 30.5.

Magetsi a jenereta salumikizidwa ku pini 8 mwachindunji. Mavoti 230 amapha munthu, ndipo bolodi imapsa nthawi yomweyo. Njira yabwino ndi kudutsa pa thiransifoma yaing'ono yotsitsa mavoti 230 kufika pa 9, imene imatulutsa magetsi osinthasintha monga analowera. Chaja ya foni singathandize pano, popeza imawongola magetsiwo ndipo mikombero imatheratu. Kuchoka pa thiransifoma, magetsi amadutsa mu rezisita ya maomu 1,000 kupita ku oputokapula monga PC817, kachipangizo kamene m'kati mwake muli kanyali ndi thiranzisita yomva kuwala, ziwirizo zosakhudzana. Dayodi monga 1N4148 imaikidwa mopingasa kanyaliko, yoyang'ana kwina, kuti theka lina la mkombero lisakawononge. Mbali ya thiranzisita imalumikizidwa ku pini 8, ndi rezisita ya maomu 10,000 yokokera piniyo ku mavoti 5. Zikatero piniyo imatsika kanyali kakayaka, n'kukweranso kakazima, kamodzi pa mkombero uliwonse.

Pulogalamu yokonzekeretsa taimala ndi yogwira manambala ndi yaifupi:

```c
volatile uint16_t kale, matiki;
volatile bool zatsopano;

void setup() {
  Serial.begin(9600);
  pinMode(8, INPUT);
  TCCR1A = 0;
  TCCR1B = _BV(ICNC1) | _BV(ICES1) | _BV(CS11);
  TIFR1  = _BV(ICF1);
  TIMSK1 = _BV(ICIE1);
}

ISR(TIMER1_CAPT_vect) {
  uint16_t tsopano = ICR1;
  matiki = tsopano - kale;
  kale = tsopano;
  zatsopano = true;
}
```

Mzere wa `TCCR1A = 0` ukuoneka ngati wopanda ntchito, koma ambiri amapunthwa pomwepa. Arduino ikamadzuka imayamba yakonzera Timer1 ntchito ina, ya `analogWrite()` pa mapini 9 ndi 10, ndipo pa ntchito imeneyo taimala imangokwera kufika pa 255 n'kutsikanso. Mzerewu ukaiwalika, manambala ogwidwa onse amakhala osapitirira 255 ndipo zotuluka sizimveka. Pa chifukwa chomwecho, pulogalamu yoyeza firikwensi motere singagwiritsenso ntchito `analogWrite()` pa mapini awiriwo, kapena laibulale ya `Servo`, imene nayonso imadalira Timer1. Mu `TCCR1B`, biti ya `CS11` ikusankha chogawa cha 8, ya `ICES1` ikunena kuti nambala igwidwe siginolo ikamakwera, ndipo ya `ICNC1` ikuyatsa kasefa ka phokoso. Mzere wa `TIFR1` ukuzimitsa chizindikiro chimene mwina chinayaka kale. M'maikulokontirola imeneyi zizindikiro zotere zimazimitsidwa polembamo 1, osati 0. Mzere womaliza ukulola intarapiti.

Tsopano samu yeniyeni. Siginolo yakwera koyamba taimala ili pa 12,000, ndipo yakweranso ili pa 52,160. Kusiyana kwake ndi matiki 40,160. Popeza sekondi imodzi ili ndi matiki 2,000,000, firikwensi ndi 2,000,000 kugawa ndi 40,160, zimene zikupereka mahezi 49.80. Pa jenereta ya mapolo awiri, kuchulukitsa ndi 60 kukusonyeza kuti injini ikuzungulira maulendo 2,988 pa mphindi, kutsika pang'ono kuchoka pa 3,000. Kulakwitsa ndi tiki imodzi pa matiki 40,000 kumasintha yankho ndi mahezi 0.00125 okha.

Kukwera kwachitatu ndiko kumadabwitsa oyamba kumene. Kuwonjezera 40,160 pa 52,160 kukupereka 92,320, koma taimala singafike pamenepo. Yasefukira panjira, ndipo nambala yogwidwa ndi 92,320 kuchotsera 65,536, imene ndi 26,784. Nambala yatsopano yachepa kuposa yakale, ndipo pochotsera pamapepala yankho ndi −25,376. Komabe pulogalamu ili pamwambayi imapeza 40,160 bwinobwino, popanda mzere wapadera. Chifukwa chake ndi mtundu wa `uint16_t`, nambala ya mabiti 16 yosadziwa zotsika pansi pa 0: yankho likatsika pansi pa 0 limazungulira n'kutulukira kumwamba, ngati kuti 65,536 yawonjezeredwa, ndipo −25,376 kuphatikiza 65,536 ndi 40,160. N'zimene munthu amachita pa wotchi ya pakhoma. Basi yonyamuka 10 koloko m'mawa n'kufika 2 koloko masana yayenda maola anayi, ngakhale 2 ndi wochepa kuposa 10. N'chifukwa chake taimala imasiyidwa kuti izithamanga yokha. Ena amaibweza pa 0 m'kati mwa intarapiti pofuna kupewa kuchotsera, koma potero amataya matiki onse amene adutsa pakati pa kugwidwa kwa nambala ndi kufika kwa purosesa, n'kubweretsanso kuchedwa komwe kuja kumene njirayi inabwera kudzathetsa.

Koma wotchi ya pakhoma singasiyanitse ulendo wa maola anayi ndi wa maola 16, ndipo taimala ilinso chimodzimodzi. Mkombero ukatalika kupitirira matiki 65,536, kuchotsera kumapereka chotsala chokha. Jenereta ikamazima, injini ikafika pa theka la liwiro lake, firikwensi ndi mahezi 25 ndipo mkombero ndi matiki 80,000. Pulogalamu imaona 80,000 kuchotsera 65,536, amene ndi 14,464, n'kulengeza mahezi 138.27. Injini ikufooka koma chiwerengero chikusonyeza kuthamanga koopsa. Nambala yomweyi ya 138 imatulukanso mkombero umodzi ukaphonyedwa, mwina chifukwa waya wa ku pini 8 ndi wogwedera, popeza mpata wa mikombero iwiri ya mahezi 50 ndi matiki 80,000 omwewo. Amene akuyeza magetsi a mahezi 50 pa chogawa cha 8 akaona 138 ikutulukira apo ndi apo, ayambe wayang'ana mawaya asanakayikire jenereta.

Njira yothetsera vutoli ndi kuwerenganso maulendo amene taimala yasefukira. Timer1 ili ndi intarapiti ina, `TIMER1_OVF_vect`, yobwera pa kusefukira kulikonse, ndipo pulogalamu imawonjezera 1 pa nambala yapadera nthawi iliyonse. Nambala imeneyi ikachulukitsidwa ndi 65,536 n'kuphatikizidwa ndi ya mu `ICR1`, pamatuluka nthawi ya mabiti 32, imene pa matiki 2,000,000 pa sekondi imatha mphindi zoposa 35 isanazungulire. Pali msampha umodzi. Siginolo ikakwera patangopita matiki ochepa taimala itasefukira, maintarapiti onse awiri amadikira limodzi, ndipo yogwira nambala ndiyo imayamba kuthandizidwa. Imapeza nambala ya kusefukira isanawonjezeredwe, ndiye yankho limaperewera ndi 65,536 yathunthu. Izi zimachitika mwa kamodzikamodzi, mwina patatha mphindi zambiri zonse zikuyenda bwino, n'chifukwa chake zimavuta kuzigwira. Mankhwala ake ndi kuyang'ana chizindikiro cha `TOV1` m'kati mwa intarapiti yogwira nambala: chikakhala choyaka pomwe nambala ya mu `ICR1` ili yaing'ono, yosafika theka la 65,536, ndiye kuti kusefukira kunayamba kuchitika ndipo kuyenera kuwerengedwa.

Kugawa ndi kusindikiza yankho kumachitikira kunja kwa intarapiti, chifukwa samu ya manambala a madesimo imadya nthawi pa purosesa ya mabiti 8:

```c
void loop() {
  if (zatsopano) {
    noInterrupts();
    uint16_t n = matiki;
    zatsopano = false;
    interrupts();
    Serial.println(2000000.0 / n, 2);
  }
}
```

Yankho loyamba bolodi ikangoyaka ndi lotaya, poti palibe nambala yakale yoona yochotserapo. Mawu a `volatile` aja amauza kompaila kuti nambalazi zimatha kusintha pulogalamu yaikulu isakudziwa, ndiye iziziwerenga mwatsopano nthawi zonse. Ndipo `noInterrupts()` ilipo chifukwa purosesayi imawerenga nambala ya mabiti 16 m'zidutswa ziwiri. Intarapiti ikalowa pakati pa zidutswazo, pulogalamu imatenga theka la nambala yakale ndi theka la yatsopano. Matiki akamasintha kuchoka pa 40,191 kufika pa 40,192, kusakaniza koteroko kungapereke 40,447, ndipo mahezi 49.76 amaoneka ngati 49.45. Yankho lotere ndi loipa kwambiri chifukwa limaoneka lotheka.

Vuto lofala koposa onse ndi phokoso la pa siginolo. Magetsi a m'jenereta yaing'ono sakhala osalala, makamaka pakalumikizidwa zinthu za mota monga chopukusira zitsulo kapena firiji. Ndiponso siginolo yochokera ku mafunde a magetsi imakwera pang'onopang'ono, ndiye imakhalitsa pamalire pomwe pini imasankha pakati pa 0 ndi 1. Kaphokoso kakang'ono pamalirepo kangachititse pini kukwera, kutsika n'kukweranso, ndipo taimala imagwira kawiri. Zizindikiro zake n'zosavuta kuziona. Kugwira kwabodza kukabwera patatha matiki 300, pamatuluka mahezi 6,667, kenako yankho lotsatira limakhala la matiki 39,700, amene ndi mahezi 50.38. Nambala yaikulu mopanda nzeru yotsatidwa ndi ina yokwera pang'ono ndiwo mapazi a phokoso.

Kasefa ka `ICNC1` kamathandiza pang'ono chabe. Kamafuna kuti pini ioneke chimodzimodzi pa kugunda kunayi kotsatizana kwa wotchi yaikulu isanavomereze kusintha, ndipo pa bolodiyi nthawi imeneyo ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a maikulosekondi. Kuchedwa kumene kamabweretsa n'kofanana pa kugwira kulikonse, ndiye kumadzichotsa kokha pochotsera, koma phokoso lotalika kuposa pamenepo limadutsa. Chothandiza kwenikweni ndi kapasita yaing'ono pa siginolo, yotsatidwa ndi kachipangizo ka 74HC14, kamene kali ndi malire awiri: apamwamba ovomerezera kukwera, ndi apansi ovomerezera kutsika. Siginolo ikadutsa malire apamwamba, kugwedezeka pang'ono sikungaibweze. Pulogalamu nayo ingakane mpata uliwonse wosatheka, mwachitsanzo wochepera matiki 25,000, umene ungatanthauze mahezi oposa 80. Pokana, nambala ya `kale` isasinthidwe, kuti kugwira koona kotsatira kuyezedwe kuchokera pa kugwira koona kwam'mbuyo.

Yankho likakhazikika pa 100 m'malo mwa 50, vuto si phokoso. Ma oputokapula ena, monga H11AA1, ali ndi tinyali tiwiri toyang'ana mosiyana ndipo amayaka pa matheka onse awiri a mkombero. Zomwezo zimachitika siginolo ikatengedwa pambuyo pa madayodi anayi owongolera magetsi. Chipangizo chikuyeza molondola, koma chimene chikuyeza ndi theka la mkombero.

Jenereta ikazima, siginolo imasiya kubwera, intarapiti siitanidwanso, ndipo nambala yomaliza imangokhala mu `matiki`. Chipangizo chokhala ndi kasikirini chimapitirira kuonetsa 49.80 injini ili zii. Pulogalamu iyenera kusunga nthawi ya kugwira komaliza, ndipo pakadutsa mamilisekondi monga 200 popanda chatsopano, ionetse 0.

Ngakhale phokoso lalikulu litachotsedwa, malo enieni amene siginolo imadutsira malire amasuntha pang'ono mkombero uliwonse, ndiye manambala a kumapeto kwa yankho amavinavina. Kuphatikiza mikombero 50 yotsatizana n'kugawa kamodzi kumakhazikitsa yankho, ndipo kumachita bwino kuposa mmene munthu angaganizire. Kugwira kumodzi kukachedwa ndi matiki 10, mkombero umene ukutha umatalika ndi 10 koma wotsatira umafupika ndi 10 yemweyo, choncho pophatikiza zolakwika zonse za pakati zimafafanizana, n'kutsala za kugwira koyamba ndi komaliza zokha. Chophatikizacho chimafika pafupifupi 2,000,000, ndiye chisungidwe mu `uint32_t`, ndipo firikwensi ndi 50 kuchulukitsa ndi 2,000,000, kugawa ndi chophatikizacho.

Pali cholakwika china chimene kuphatikiza sikungachotse, ndipo chimabisala kuseri kwa manambala ambiri okongola. Samu yonse yadalira kuti wotchi ikugundadi maulendo 16,000,000 pa sekondi. Pa Arduino Uno R3, ATmega328P imayendetsedwa ndi rezoneta ya seramiki, osati kirisitalo, ndipo marezoneta otere amaloledwa kuphonya mpaka pafupifupi 0.5 peresenti. Pa mahezi 50 kuphonya kumeneko ndi mahezi 0.25, kuposa kulakwitsa kwa tiki imodzi kuja maulendo 200. Chipangizo chingasindikize 49.925 mosagwedezeka pomwe zoona ndi 50.000. Poona ngati jenereta yalemedwa, zimenezi sizisokoneza kwambiri, koma pa ntchito yofuna kulondola wotchiyo iyenera kuyesedwa. Timabolodi tambiri ta GPS tili ndi pini yolembedwa PPS, yotulutsa siginolo imodzi pa sekondi iliyonse molondola kwambiri. Ikalumikizidwa ku pini 8, ndi pulogalamu yowerenga kusefukira ija, mpata uyenera kukhala matiki 2,000,000. Ukapezeka kuti ndi 2,003,000, ndiye kuti wotchi ikuthamanga ndi 0.15 peresenti, ndipo nambala imeneyo ndiyo ilowe m'malo mwa 2,000,000 pogawa. Rezoneta imasinthanso pang'ono ndi kutentha, choncho kuyesaku kuchitikire pamalo ofanana ndi pomwe chipangizo chizikagwira ntchito.

Firikwensi ikamakwera, ubwino wa njirayi umachepa. Pa mahezi 1,000 mkombero ndi matiki 2,000, ndipo tiki imodzi ndi 0.05 peresenti. Pa mahezi 100,000 mkombero ndi matiki 20 okha, ndipo tiki imodzi ndi 5 peresenti: yankho limadumpha pakati pa 95,238, 100,000 ndi 105,263 popanda china pakati. Kuchotsa chogawa kumakweza matikiwo kufika pa 160, koma pamenepo purosesa ili ndi kugunda kwa wotchi 160 kokha kuti ilowe mu intarapiti, itenge nambala n'kutuluka, ndipo gawo lalikulu la nthawi yake limathera pomwepo. Intarapiti ina ikaichedwetsa pang'ono, `ICR1` imafufutidwa isanawerengedwe, ndipo yankho limatuluka theka la firikwensi yoona.

Apa m'pomwe njira yoyamba ija, yowerenga mikombero m'nthawi yoikika, imapambana. Kulakwitsa kwake ndi mkombero umodzi pa mikombero yonse yowerengedwa, ndiye kumachepa firikwensi ikamakwera, pomwe kwa njira yogwira nthawi kumakula. Poyerekeza kuwerenga kwa sekondi imodzi ndi kuyeza mkombero umodzi pa matiki 2,000,000 pa sekondi, njira ziwirizi zimafanana pa mahezi pafupifupi 1,414, nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka pafupifupi 2,000,000. Pansi pa malire amenewa, monga pa magetsi a m'nyumba, pa sensa ya liwiro la gudumu kapena pa mita ya madzi yotulutsa timasiginolo, kugwira nthawi ndiko koyenera. Pamwamba pake patali, Timer1 yomweyo imasinthidwa kuti isiye kuwerenga wotchi n'kuyamba kuwerenga siginolo yolowera pa mwendo wa T1, umene pa Arduino Uno ndi pini nambala 5, ndipo taimala ina ndiyo imayeza sekondi yowerengerayo.